Mawu a pachikuto cha sopo agulitse chinthu chimodzi

Pitani kumene amagulitsa sopo wopanga pamanja muwerenge zikuto. Pafupifupi chilichonse chimati "wachilengedwe", "wabwino kwambiri", "wosalalitsa khungu". Mawuwa sangamuthandize wogula kusankha, chifukwa mnzanu wa tebulo loyandikana nalo walembanso omwewo. Wogula akasowa chosiyanitsa amangofunsa mtengo, n'kutenga wotchipa.

Musanalembe, dzifunseni kuti sopo wanu amachita chiyani chimene munthu angachione ndi maso tsiku loyamba kumusambira.

Tiyerekeze mayi amene amapanga sopo ku Chikwawa, kumene mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere. M'madzi oterewa sopo wamba sachita thovu, amangosiya zoyerayera m'beseni. Koma sopo wokhala ndi mafuta a kokonati amachita thovu ngakhale m'madzi amchere, ndipo mafuta a nsatsi pang'ono amathandiza kuti thovulo lisathe msanga. Malonda a mayiyu agona pamenepa. Pachikuto angalembe motere:

"Sopo wosambira, magalamu 100. Wapangidwa pamanja ndi mafuta a kokonati, a mpendadzuwa, a nsatsi, madzi ndi soda wa kositiki. Waumitsidwa masabata 6, choncho sasungunuka msanga. Amachita thovu ngakhale m'madzi amchere. Mukasamba, muikeni pouma."

Chiganizo chilichonse apa wogula angathe kuchiyesa yekha. Masabata 6 aja sanalembedwe pofuna kukometsa nkhani: sopo wopanga mosaphika amafunika masabata 4 mpaka 6 kuti madzi atuluke ndipo alimbe. Pa nthawiyi amapepuka, n'chifukwa chake muyenera kumuyeza pasikelo atauma. Mukamuyeza tsiku lomudula, magalamu a pachikuto adzakhala abodza. Soda wa kositiki musamubise poopa kuti anthu athawa. Ndi iye amene amasandutsa mafutawo kukhala sopo, ndipo muyeso ukakhala wolondola satsalamo.

Mawu okopa ogula atuluke m'mfundo yomweyo, ndipo akhale afupi moti mwana wotumidwa kugolosale asawaiwale panjira: "Thovu, ngakhale pamjigo wamchere." Ayeseni motere: aikeni pansi pa dzina la sopo wa munthu wina. Ngati akumukwanira iyenso, ndiye kuti si anu, lembani ena.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zikuto zolonjeza kuchiza zipere, ziphuphu kapena chikanga chifukwa choti muli nimu kapena chammwamba. Sopo amakhala pakhungu kanthawi kochepa n'kutsukidwa. Mayi amene wagula kuti mwana wake achire amachedwa kupita kuchipatala, ndipo akaona kuti palibe chasintha amauza mudzi wonse. Chimodzimodzinso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards: musachisindikize ngati bungweli silinakupatseni chilolezo.

Musanapite kosindikiza zikuto, perekani zidutswa kwa anthu asanu a m'dera lanu asambire sabata yathunthu, kenako muwafunse chimene aona. Akadandaula kuti khungu likuuma, chepetsani kokonati kaye, mawuwo mulembe pambuyo pake.