Malonda a Disembala: chagulitsa ndi kutsatsa kapena Khirisimasi?

Disembala akafika, mpunga suchedwa pa shelefu. Ngakhale banja limene limadya nsima chaka chonse limayesetsa kuti pa Khirisimasi pakhale mpunga ndi nkhuku. Ndiye wogulitsa akatsatsa malonda pa wailesi mwezi umenewu n'kuona katundu akutha, adziwa bwanji kuti chagulitsa ndi uthenga wake osati nyengo?

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi golosale mu Limbe, ndipo amagulitsa mpunga wa Kilombero m'mapaketi a makilogalamu 5. Mu Novembala anagulitsa mapaketi 240. Mu Disembala analipira uthenga wa pa wailesi, natsitsako mtengo pang'ono, ndipo anagulitsa 390. Iwo akuwerenga kuti kutsatsako kwawonjezera mapaketi 150. Koma chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere: ambiri mwa mapaketiwo akanagulidwabe ngakhale wailesi ikanakhala chete.

Kuti nyengo ichotsedwe m'masamuwa, mayiwa atsegule makope a zaka zitatu zapitazo. Pa chaka chilichonse aphatikize mapaketi onse n'kugawa ndi 12, kuti apeze avereji ya mwezi umodzi. Kenako atenge za Disembala wa chaka chimenecho n'kugawa ndi averejiyo. Chaka chimene avereji inali 200 ndipo Disembala anagulitsa 300, yankho ndi 1.5. Tinene kuti zaka zitatuzo zapereka 1.4, 1.5 ndi 1.6, pakati pake ndi 1.5. Nambala imeneyi ndiyo mulingo wa nyengo: Disembala payekha amagulitsa monga mwezi wamba umodzi ndi theka.

Chaka chino mwezi wamba wakhala ukugulitsa mapaketi 240. Tikachulukitsa 240 ndi 1.5 tipeza 360, ndipo awa ndi mapaketi amene Khirisimasi ikanagulitsa popanda thandizo la wina aliyense. Kuchotsa 360 pa 390 kutsala 30. Amenewa ndiwo a kutsatsa, osati 150.

Apa m'pamene tingayerekeze chilungamo ndi mwezi wina. Mu Juni, mwezi umene mulingo wake pa golosaleyi ndi 1.0, mayiwa anatsatsanso pa ndalama zomwezo, malonda n'kuchoka pa 240 kufika pa 280. Iwo anaona ngati zinalephereka poyerekeza ndi 390. Chonsecho uthenga wa mu Juni unabweretsa mapaketi 40, kuposa wa Disembala.

Komanso 30 yemweyu osamukhulupirira kwambiri. Popeza mulingo wakhala ukusinthasintha pakati pa 1.4 ndi 1.6, Disembala wopanda kutsatsa akanatha kugulitsa kuyambira 336 mpaka 384. Ndiye 390 wangodutsa malirewo ndi mapaketi 6 okha. Kusiyana kukachepa chonchi, nkhani siinathe, pafunika kuyesanso. Amene ali ndi masitolo awiri m'madera osiyana angachite bwino kuika zikwangwani ndi kutsitsa mtengo pa imodzi yokha, inayo ikhale poyerekezera, chifukwa Khirisimasi imafika konsekonse tsiku limodzi.

Pali misampha ingapo imene imasokoneza masamuwa. Waukulu ndi kuwerenga makwacha m'malo mwa katundu. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, mitengo n'kukwera chaka chili kumapeto. Amene amawerenga ndalama za m'dilowa anaona Disembala ameneyo atatupa, ngakhale kuti mwina katundu wotuluka sanachuluke. Mulingo wotengedwa pa makwacha a chaka chimenecho umanama, choncho werengani mapaketi, mabotolo kapena matumba.

Msampha wina uli mu Januwale. Mwezi umenewu ndalama zimakhala zitathera ku zisangalalo, fizi ndi feteleza, ndiye malonda amatsika okha. Ngati mulingo wake ndi 0.7, mayi aja ayembekezere mapaketi 168. Akagulitsa 148, n'kutheka kuti makasitomala anagula mpunga wambiri mtengo uli wotsika n'kusunga, moti mapaketi 20 a mu Disembala anali ongobwereka kwa Januwale. Pa 30 paja patsala 10.

Onaninso ngati zaka zitatu zija munkatsatsa Disembala aliyense. Ngati n'choncho, 1.5 muli kale mphamvu ya kutsatsa, ndipo masamu akungokuuzani ngati uthenga wa chaka chino waposa wa zaka zam'mbuyo. Chimodzimodzi ngati mpunga unatha pa 22 Disembala chaka china: nambala ya chaka chimenecho ikusonyeza katundu amene munali naye, osati amene anthu ankafuna.

Zonsezi zimadalira kope lolembedwa bwino. Mwezi ukatha, lembani kuchuluka kwa katundu amene watuluka, mtengo wake, masiku amene munatsatsa ndi masiku amene shelefu inali mbee. Musaweruze kutsatsa kwa Disembala Januwale asanathe.