Nyimbo za Phwando la Ana: Chinsinsi Chili pa Kasanjidwe

Keke yafika, mabaluni amangidwa pakhonde, sipika yayikidwa pa tebulo, ndipo ana 12 a zaka zapakati pa 4 ndi 7 aima pabwalo akuyang'anizana mwamanyazi. Malume amene apatsidwa udindo wa nyimbo atsegula foni nʼkuika nyimbo yomwe iwo amaikonda. Akuluakulu ayamba kugwedeza mitu, koma ana angoti kakasi. Pakapita mphindi zochepa, awiri akukanganirana baluni, wina akulira, ena athawira kuseri kwa nyumba. Nyimboyo si yoipa ayi. Vuto nʼlakuti yabwera pa nthawi yolakwika, kwa omvera olakwika.

Mndandanda wa nyimbo za phwando la ana sufanana ndi wa ukwati. Uyenera kutsata mmene tsikulo liyendere: kufika kwa alendo, kuvina, masewera, kudya, keke, kenaka kutsanzikana. Pa phwando la maola awiri, nyimbo zapakati pa 25 ndi 30 zimakwana, chifukwa nthawi ina imapita pofotokoza masewera ndi poimba pakamwa.

Choyamba kuyang'ana mʼnyimbo ndi liwiro lake. Kuvina sikuchita kuphunzitsidwa: mu 2010, akatswiri Marcel Zentner ndi Tuomas Eerola adayesa makanda 120 ndipo adapeza kuti amagwedeza thupi kwambiri akamva nyimbo kapena kugunda kwa ngʼoma kusiyana ndi akamva munthu akulankhula. Ana aangʼono amakondanso kuyenda ndi kuwomba mʼmanja mofulumirirapo kuposa akuluakulu. Kuyeza liwiro nʼkosavuta. Munthu awombe mʼmanja motsatira nyimbo kwa masekondi 15, awerenge, kenaka achulukitse ndi 4. Akapeza pakati pa 110 ndi 130 pa mphindi, ndiye kuti nyimboyo njoti mwana angadumphe nayo osatopa msanga.

Nyimbo zotchuka pamaphwando a ana zimagwera momwemo. Baby Shark ya kampani ya ku South Korea ya Pinkfong, yomwe kanema wake adatuluka mu 2016 nʼkukhala woyamba kuonedwa maulendo 10 biliyoni pa YouTube mu Januwale 2022, imagunda ka 115 pa mphindi. Mphamvu yake ili pa manja: chigawo chilichonse chili ndi kachitidwe kake, choncho ngakhale mwana wamanyazi amadziwa choti achite. Ndi yaifupinso, mphindi ziwiri ndi kachidutswa. Nʼchifukwa chake imayenera kutsegulira gawo lovina. Ikatha, Waka Waka ya Shakira ndi gulu la Freshlyground, ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, imakweza moto pangʼono. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, yomwe idagwedeza dziko mu 2020, ndi yabwino kwa ana okulirapo chifukwa masitepe ake amabwerezedwa mumzere, koma imapitirira mphindi zinayi, ndipo a zaka 4 ambiri amayamba kumwazikana isanathe. Palibe cholakwika kuichepetsa mawu pangʼonopangʼono nʼkuidula pakati.

Nyimbo yothamanga zedi ngati Happy ya Pharrell Williams, yomwe imafika 160 pa mphindi, iikidwe pachimake pa gawoli, imodzi yokha. Zoterezi zikatsatizana zitatu, ana amagundana, kugwa ndi kuyamba kulira. Mphindi 15 zovina zimakwana, kenaka madzi akumwa.

Pamasewera mʼpamene woimba nyimbo amaoneka luso lake, chifukwa apa chofunika kwambiri si nyimbo koma chala chimene chimaiimitsa. Pamasewera olimbirana mipando, ana 12 amazungulira mipando 11, ndipo nyimbo imaimitsidwa ka 11 kuti patsale wopambana mmodzi. Ulendo uliwonse ukatenga masekondi 20, nyimbo yofunika yonse ndi masekondi 220, zosakwana mphindi zinayi. Nyimbo ziwiri zimakwana, ngakhale masewerawo amatha mphindi 10 powerengera kuchotsa mipando ndi kuweruza milandu ya amene adakhala poyamba. Woimitsa asinthesinthe nthawi, mwina masekondi 10, mwina 30, ndipo asaimitse pamene chigawo cha nyimbo chikuthera, chifukwa ana amazindikira msanga nʼkuyamba kuzengereza pafupi ndi mpando. Azifulatiranso bwalo, kuti pasakhale wonena kuti akukondera mwini phwando.

Vuto la masewerawa ndi mwana woyamba kutuluka, amene amayenera kudikira pafupifupi mphindi 10 akuonerera anzake. Njira yake ndi kumpatsa ntchito: chisekese, botolo la timiyala, kapena udindo wochotsa mpando. Kwa ana osakwana zaka 5, masewera abwino ndi ouma ngati chiboliboli nyimbo ikaima, popanda wotuluka. Wogwedezeka amangodumpha katatu nʼkubwerera mʼgule.

Masewera opatsirana phukusi ndi osiyana. Ana amakhala pansi mozungulira, ndipo phukusi lokulungidwa mʼmapepala 12, lililonse lili ndi siwiti, limayenda mʼmanja. Apa woimitsa ayangʼane ndithu, kuti mwana aliyense atsegulepo kamodzi. Nyimbo yake ikhale yofatsirapo, chifukwa yothamanga imachititsa ana kuponyerana phukusi mʼmalo mopatsirana. Popeza masewerawa amakhazika ana pansi, ndi oyenera kubwera chakudya chitatsala pangʼono.

Pa nthawi ya chakudya mawu a sipika atsike, ndipo nyimbo zikhale zodekha. Apa Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda, yomwe idamvekanso ponseponse atayiimba ndi Patience Namadingo mu 2020, imasangalatsa ana ndi azigogo awo omwe. Ikafika keke, sipika izimitsidwe. Nyimbo yofunira mwana mafuno abwino imakoma ndi mawu a anthu, ndipo yapafoni kawirikawiri imasiyana liwiro ndi oimba. Chimodzimodzi magule owomba mʼmanja monga chitelele: mayi mmodzi wodziwa kutsogolera amadzaza mphindi 10 popanda magetsi.

Zambiri zimene zimasokoneza phwando zimachokera mʼfoni. Nyimbo zoseweredwa pa intaneti zimadukizidwa ndi malonda, ena osayenera ana, ndipo netiweki ikafooka gule amaima. Ndi bwino kuzisunga mʼfoni kapena pa fulashi tsiku lisanafike. Batani la Shuffle lizimitsidwe, apo ayi kasanjidwe konse kamasokonekera. Foni iikidwe pa Airplane mode, kenaka Bluetooth iyatsidwenso payokha, kuti wina akaimba foni isalirire pa sipika. Bluetooth imachedwanso pangʼono kumvera, choncho woimitsa ayeseretu. Sipika ichajidwe usiku, poganizira kuzima kwa magetsi. Ndipo nyimbo iliyonse imvetseredwe mpaka kumapeto, chifukwa zina zovinika bwino zili ndi mawu olaula kapena zining'a zimene ana amakazibwereza kusukulu Lolemba.

Makutu a ana nawo ndi osachedwa kuvulala. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO okhudza kumvetsera nyimbo amaika malire a madesibelo 75 kwa ana, pamene akuluakulu ndi 80, kwa maola 40 pa sabata. Popanda choyezera, pali chizindikiro chapafupi: ngati munthu akuchita kukuwa kuti mnzake amene ali pa mtunda wa mkono umodzi amumve, phokoso lachuluka. Sipika ikhale pamalo okwera, kutali ndi pamene ana akuvinira.

Mphindi 10 zomaliza zikhale za nyimbo ziwiri kapena zitatu zofatsa, mawu akutsika pa iliyonse, pamene makolo akufunafuna nsapato ndi kugawa timatumba ta masiwiti pageti.