Dzina la pa lipoti, dzina la pa botolo

Pa kantemba kena ku Avondale ndinafunsa amayi ogulitsa ngati amadziwa Society for Family Health. Anapukusa mutu. Nditatchula Clorin anaseka: "Iwe mwana wanga, uja mankhwala wothira m'madzi nthawi ya kolera? Osakamba chabe!"

Bungweli, lomwe linabweretsanso makondomu a Maximum, limayenda ndi nkhope ziwiri. Opereka ndalama amafuna dzina lonse ndi chizindikiro chawo pa lipoti, kuti kwawo aone kumene ndalama zapita. Wogula safuna kuoneka wopemphetsa. Iye amafuna dzina lalifupi, mtengo wotsika ndi muyezo wosavuta.

Manje ukadzaza botolo ndi zizindikiro za opereka thandizo, anthu amati n'chaulere, ndipo wakantemba akatchula mtengo amamuyesa kawalala.