Duwa la masamu: kodi tsamba limodzi limatenga malo aakulu bwanji?

Kodi duwa la masamu ndi chiyani?

Ndi mzere wokhotakhota umene umachoka pakati, kupita patali, n'kubwereranso pakati pomwepo, ndipo ukachita zimenezi kangapo umasiya chithunzi cha masamba a duwa. Lamulo lake ndi r = a cos kθ. Mu lamuloli r ndi mtunda wochokera pakati, θ ndi ngodya imene munthu watembenuka kuchokera pa mzere woyambira, a ndi kutalika kwa tsamba, pamene k ndi nambala imene imalamulira kuchuluka kwa masamba. Njira yolozera malo ndi mtunda komanso ngodya imeneyi akatswiri amaitcha ya pola.

Wofuna kuliona m'maganizo aganizire muvi wa wotchi umene ukuzungulira, koma ukutalika ndi kufupika pamene ukuyenda. Nsonga ya muviwo ndiyo ikujambula duwa.

Amene anafufuza mizere imeneyi mozama ndi Guido Grandi, wansembe wa ku Italy amene ankaphunzitsa masamu ku yunivesite ya Pisa. Iye anaitcha *rhodonea*, ndipo mu 1728 anatulutsa buku lotchedwa *Flores geometrici* lofotokoza maluwa amenewa.

Duwa limakhala ndi masamba angati?

Ngati k sigawika ndi 2, monga 3 kapena 5, masamba amakhala k. Ngati igawika ndi 2, monga 2 kapena 4, masamba amakhala 2k.

Bwanji osangochulukitsa m'litali ndi m'lifupi monga mmene amayezera munda?

Chifukwa tsamba lilibe m'lifupi mmodzi: ndi lopyapyala pakati pa duwa, limafufuma chakutsogolo, kenako limatsekeka kunsonga. Koma popeza lonse limachokera pa mfundo imodzi, njira yabwino ndi kulidula timagawo tosongoka tochokera pakati pomwepo. Kagawo kalikonse, kakakhala kopyapyala kwambiri, kamafanana ndi chidutswa cha bwalo.

Bwalo lathunthu limatenga malo okwana πr², ndipo ngodya yozungulira lonselo ndi maradiyani 2π. Chidutswa cha ngodya θ chimatenga gawo θ/2π la bwalolo, ndipo pochulukitsa, π imachoka n'kutsala ½r²θ. Apa ndi pamene pamachokera theka lija komanso r², zinthu ziwiri zimene ophunzira ambiri amangoloweza osadziwa gwero lake. Kuwonkhetsa timagawo tonse, pamene tikucheperachepera mopanda malire, ndiyo intigireshoni:

```
A = ½ ∫ r² dθ
```

Ndiye kuwonkhetsako kuyambire pati n'kuthera pati?

Funso lenileni la nkhani yonse ndi limeneli. Tsamba limayamba pamene r ali 0 ndipo limatha pamene r wabwereranso pa 0 kachiwiri. Palibe lamulo lina loposa ili.

Chitsanzo chabwino ndi r = 6 cos 3θ, duwa la masamba atatu, lililonse lotalika masentimita 6. Pa ngodya ya madigiri 0, r ndi 6, kunsonga kwenikweni kwa tsamba. Pa madigiri 10 watsika kufika pafupifupi 5.2, pa madigiri 20 ali 3, ndipo pa madigiri 30 wafika pa 0, chifukwa 3θ yakwana madigiri 90 pamene kosayini amakhala 0. Mbali inayo zimachitika chimodzimodzi mpaka pa −30. Choncho tsamba lonse lagona pakati pa −30 ndi 30, kapena m'maradiyani, pakati pa −π/6 ndi π/6.

Chovuta chotsala ndi cos², imene siiwonkhetseka mwachindunji. Amaisintha ndi lamulo lakuti cos²x = (1 + cos 2x)/2, ndipo ntchito imayenda motere:

```
A = ½ ∫ 36 cos²3θ dθ        (−π/6 → π/6)
  = 9 ∫ (1 + cos 6θ) dθ
  = 9 [θ + (sin 6θ)/6]
  = 9 (π/6 + π/6) = 3π
```

Gawo la sin 6θ lazimirira chifukwa pa malire onse awiri 6θ ndi π kapena −π, pamene sayini ali 0. Tsamba limodzi latenga malo okwana 3π, pafupifupi masikweya sentimita 9.42. Munthu akatsata njira yomweyi ndi zilembo m'malo mwa manambala amapeza kuti tsamba lililonse la r = a cos kθ limatenga πa²/(4k).

Kodi si zophweka kungowonkhetsa kuyambira 0 mpaka 2π, kenako n'kugawa ndi chiwerengero cha masamba?

Ayi, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chimawononga mayankho ambiri. Maganizo ake amamveka anzeru: masamba ndi atatu, kuzungulira konse ndi madigiri 360, ndiye tsamba lililonse litenge 120. Koma taona kale kuti tsamba latenga madigiri 60 okha. Nanga 60 enawo apita kuti?

Yankho lili pa r akakhala wochepera 0. Muvi uja ukadutsa madigiri 30, kosayini wa 3θ amasanduka wamayinasi. Pa madigiri 60, r ndi −6. Mtunda wamayinasi sutanthauza kuti palibe chojambulidwa. Umatanthauza kuti nsonga ijambule kumbuyo kwa kumene muvi ukuloza. Choncho pamene muvi ukuloza 60, nsonga ili pa 240, ikujambula tsamba lachiwiri. Pa 120, r wabwerera pa 6 ndipo tsamba lachitatu laoneka. Pa 180, r ndi −6, kumbuyo kwa 180 ndi pa 0, pamene ulendo unayambira. Duwa lonse latha kujambulidwa muvi utangoyenda theka la ulendo wake. Kuyambira 180 mpaka 360 nsonga ikungodutsanso m'mizere yakale.

Diso siliona kubwerezaku, chifukwa mzere wagona pa mzere unzake. Koma intigireshoni imawerenga zonse, ndipo popeza r² sakhala wamayinasi, ulendo wachiwiri suchotsa kanthu, umangowonjezera. Wowonkhetsa kuyambira 0 mpaka 2π amapeza 18π, akagawa ndi 3 amapeza 6π, kuwirikiza kawiri yankho loona.

Chopweteka n'chakuti njira yolakwikayi imapereka yankho lolondola pa maluwa ena. Pa r = a cos 2θ, masamba ojambulidwa ndi r wamayinasi amagwera m'mipata imene munalibe kanthu, ndipo duwa limafuna madigiri 360 onse kuti masamba anayi akwane. Wophunzira amene anayambira pa duwa limeneli amawonkhetsa mpaka 2π, amagawa ndi 4, amakhoza, ndipo amakhulupirira kuti wapeza lamulo. Sanapeze lamulo, anangochita mwayi. Duwa la masamba atatu likabwera, mwayi uja umatha.

Munthu angadziwe bwanji kuti yankho lake n'lolakwika popanda womuuza?

Pali muyeso wosavuta. Tsamba la chitsanzo chathu silitalika kupitirira masentimita 6 ndipo silituluka mu ngodya ya madigiri 60. Ndiye kuti lonse lili m'kati mwa chidutswa cha bwalo chokhala ndi miyeso imeneyo, chimene malo ake ndi ½ × 36 × π/3 = 6π, pafupifupi 18.85. Tsamba liyenera kuchepa poyerekeza ndi chidutswacho, popeza m'mbali mwake mumatsala mipata. Yankho lolakwika lija, 6π, likunena kuti tsamba ladzaza chidutswa chonse popanda mpata. Zimenezo n'zosatheka.

Chosangalatsa n'chakuti tsamba limatenga theka lenileni la chidutswa chake, kaya k akhale 3, 4 kapena 9. Chifukwa chake n'chakuti cos², pa ulendo wochoka pa 0 kukwera pa 1 n'kutsikanso pa 0, imakhala ndi avereji ya theka.

Ndipo pali njira yotsimikizira popanda intigireshoni n'komwe. Theka la tsamba lidulidwe timagawo titatu ta madigiri 10. Manambala a r² pa madigiri 0, 10, 20 ndi 30 ndi 36, 27, 9 ndi 0. Avereji ya kagawo koyamba ndi 31.5, kachiwiri 18, kachitatu 4.5, zonse pamodzi 54. Madigiri 10 ndi maradiyani π/18, choncho theka la tsamba ndi ½ × 54 × π/18 = 1.5π, ndipo tsamba lonse ndi 3π. Kawirikawiri kudula kwa timagawo tochepa chonchi kumangoyandikira yankho. Pano kwagunda ndendende, chifukwa cos 6θ pa mfundo zinayizo ndi 1, ½, −½ ndi −1, manambala amene amafafanizana okha.

Nanga munthu akagwiritsa ntchito madigiri m'malo mwa maradiyani?

Amapeza 9 × 60 = 540, pamene bwalo lonse lozinga duwalo ndi pafupifupi 113 basi.

Akaiwala kuchulukitsa r ndi r mnzake?

Amapeza 2, ndipo muyeso wake umakhala masentimita, osati masikweya sentimita. Chimene wapezacho si kukula kwa malo.

Kodi masamba akachuluka, duwa limatenga malo ambiri?

Ambiri amayankha kuti inde mosaganiza kawiri, koma masamu amakana. Pa k wosagawika ndi 2, masamba ndi k ndipo lililonse ndi πa²/(4k). Pochulukitsa, k amachoka, n'kutsala πa²/4. Duwa la masamba 3, la 5 ndi la 101, ngati kutalika kwa masamba kuli kofanana, onse amatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo lowazinga. Masamba akamachuluka amapyapyala pa mlingo womwewo. Pa chitsanzo chathu masamba atatu pamodzi ndi 9π, ndipo bwalo ndi 36π.

Pa k wogawika ndi 2, masamba ndi 2k, ndipo onse pamodzi amatenga πa²/2, theka la bwalo. Motero duwa la masamba anayi limatenga malo owirikiza kawiri a duwa la masamba 101.

Ngakhale k = 1 imatsatira lamuloli. Mzere wa r = a cos θ ndi duwa la tsamba limodzi, ndipo tsambalo ndi bwalo lenileni lotalika a kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Malo ake ndi π(a/2)², amene ndi πa²/4, monga mmene lamulo lanenera.

Ngati m'lamulo muli sayini m'malo mwa kosayini, chimasintha n'chiyani?

Duwa limangotembenuka, kukula kwake sikusintha. Pa r = 6 sin 3θ tsamba loyamba limayambira pa 0 n'kuthera pa π/3, ndipo malo ake ndi 3π omwewo.

Lamulo limeneli limalekera pati?

Limafuna kusamala k akakhala nambala yosakwanira, monga 3/2. Pamenepo tsamba lililonse limatambasuka madigiri 120, masamba amakhala 6, ndipo amaloŵerana. Tsamba limodzi palokha limayezekabe kuchokera pa r = 0 kufika pa r = 0 wotsatira. Koma kuchulukitsa yankholo ndi 6 sikupereka malo a duwa lonse, chifukwa mbali zoloŵerana zimawerengedwa kawiri. Wofuna malo enieni ayenera kupeza kaye ngodya zimene masamba amadutsana, ndipo malire a intigireshoni aikidwe pa ngodya zimenezo.