Dzanzi la Usiku: Mtsempha Wopanikizika M'ngalande ya Dzanja

Anthu ambiri odwala nthendayi sayamba ndi kudandaula za ululu. Amati tulo sakupeza. Pakati pa usiku amadzidzimuka dzanja lili dzanzi, zala zikuyabwa mobaya, ndipo amalikutumula kangapo kuti mwina limasuke. Masana singano imawapulumuka, mabatani a malaya amawavuta kumanga. Madokotala amaitcha matenda a kapo tanelo, ndipo wophunzira amene akufuna kuwadziwa bwino ayenera kuyambira pa mmene dzanja linapangidwira, chifukwa zizindikiro, zotsatira za makina ndi malo ocheka pa opaleshoni zonse zimachokera pamenepo.

Polumikizana dzanja ndi mkono pali timafupa 8 tomwe tinakhala mopindika ngati ngalande. Pamwamba pake, mbali ya chikhatho, pamadutsa chopingasa lamba wolimba wotchedwa ligamenti. Kumbali ya chala chachikulu lambayu amagwira pa mafupa a sikafoidi ndi tirapeziyamu, ndipo kumbali ya chala chaching'ono amagwira pa pisifomu ndi pa kangowe ka fupa la hameti. M'kati mwa mpata umenewu mumadutsa matendoni 9 opinda zala, komanso mtsempha umodzi wotumiza mauthenga, wotchedwa mediyani. Mafupa satanuka, ligamenti satanukanso. Choncho chilichonse chikatupa m'katimo, kaya chifukwa cha pathupi, shuga, nyamakazi ya m'mfundo kapena kufooka kwa chithokomiro, chimene chimafinyika ndi mtsemphawo. Mu 1981 Gelberman ndi anzake anayeza kupanikizika kwa m'ngalandemo: mwa anthu abwinobwino anapeza mamilimita a mekyule pafupifupi 2.5, pamene mwa odwala anapeza 32, ndipo dzanja likapindidwa chiwerengerocho chinkapitirira 90. N'chifukwa chake vutoli limakula usiku, poti ambiri amagona atapinda manja.

Mediyani amapereka mphamvu ya kumva ku chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala chovala mphete. Chala chaching'ono ndi cha mtsempha wina, wa alina. Koma pali nthambi ziwiri zimene wophunzira sayenera kuziiwala. Yoyamba imapatuka masentimita pafupifupi 5 mtsempha usanafike pa mzere wa pakhungu pomwe dzanja limapindikira, n'kudutsa pamwamba pa ligamenti kupita ku khungu la chikhatho. Popeza siilowa m'ngalande, munthu wa kapo tanelo amamva bwinobwino pachikhatho ngakhale zala zili dzanzi. Ngati chikhatho nachonso chafa dzanzi, dokotala aganizire zoti vuto lili chakumtunda, m'mkono kapena m'khosi. Nthambi yachiwiri imayendetsa minofu ya patsinde pa chala chachikulu. Kawirikawiri imapatuka mtsempha utangotuluka m'ngalande n'kubwerera m'mbuyo, koma mwa anthu ena imaboola ligamenti penipenipo, ndipo mpeni wosasamala ungathe kuidula.

Poyeza wodwala, njira ya Phalen ndi yopinda dzanja kwa masekondi 60, pamene ya Durkan ndi yodinikiza pangalandepo kwa masekondi 30. Dzanzi likabwera m'zala za mediyani, chikaiko chimakula.

Kenaka pamabwera makina oyeza liwiro la uthenga mu mtsempha, njira imene Simpson anaonetsa mu 1956 kuti imagwira nthendayi. Woyeza amapereka kamphamvu kochepa ka magetsi pamkono, n'kuwerenga nthawi imene uthenga watenga kuti ufike kutsidya kwa ngalande. Mtsempha ukafinyika, chimayamba kuwonongeka ndi chikuta chake chotchedwa mayelini, ndipo uthenga umachedwa. Timitsempha ta kumva nditimene timayamba kuonetsa kuchedwako, ta minofu timatsatira pambuyo.

Mwachitsanzo, mayi wa zaka 52, wosoka zovala komanso wodwala shuga, wabwera ndi dzanzi la usiku kudzanja lamanja. Pa mtunda wa masentimita 14 pakati pa mkono ndi chala chamkombaphala, uthenga wa kumva watenga mamilisekondi 4.6, pamene malire amene zipinda zambiri zoyezera zimagwiritsa ntchito ali cha m'ma 3.5. Pa mtunda wa masentimita 8 kukafika ku mnofu wa chala chachikulu, uthenga watenga mamilisekondi 5.3, malire ake ali cha m'ma 4.2 mpaka 4.4. Apa wophunzira wopupuluma akhoza kutseka buku, koma shuga payekha amachedwetsa mitsempha yonse. Ndiye woyeza amafanizitsa mediyani ndi alina pa chala chovala mphete, chomwe mitsempha iwiriyi imagawana. Mediyani akachedwa kuposa mnzakeyo ndi theka la milisekondi kapena kupitirira, vuto lilidi m'ngalande. Dzanja lozizira nalonso limanamiza makina, motero liyenera kufunditsidwa kufika madigiri 32 lisanayezedwe.

Kuchedwa kokha kumasonyeza kuti chikuta ndicho chavulala, ndipo chimachira msanga. Koma funde la pa sikirini likafupika kapena kusoweratu, ulusi weniweni wa mtsempha wayamba kufa. Wodwala wotero, makamaka ngati mnofu wa patsinde pa chala chachikulu waphwa, asachedwetsedwenso ndi chomangira dzanja cha usiku kapena jakisoni wa siteroidi, zomwe zimathandiza nthenda ikadali yaing'ono. Komanso odwala ena enieni amatuluka ndi zotsatira zabwinobwino, choncho makina sangalowe m'malo mwa kumvetsera wodwala.

Opaleshoni yake ndi yaifupi, ndipo nthawi zambiri wodwala amakhala ali maso, atabayidwa lidokeni pamalopo. Madokotala ena amamanga lamba wotseka magazi kumtunda kwa mkono, ena amasakaniza lidokeniyo ndi adirenalini kuti magazi asachuluke. Amacheka khungu motsata utali wa dzanja, masentimita 2 kapena 3, molunjika m'mphepete mwa chala chovala mphete moyang'anizana ndi chala chapakati. Mzerewu sunasankhidwe mwachisawawa: umasiya nthambi ziwiri zija kumbali ya chala chachikulu. Chilonda chimayambira pa mzere wopindikira dzanja ndipo sichipitirira mzere wa Kaplan, womwe umachoka pampata wa chala chachikulu ndi chamkombaphala kulowera ku kangowe ka hameti.

Pansi pa khungu pali mafuta, kenaka nembanemba ya chikhatho yomwe ulusi wake umatsata utali wa dzanja. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, n'kuyesa kuti afika. Ligamenti weniweni ali pansi pake, ndi wochindikala, ndipo ulusi wake ndi wopingasa. Dokotala amamuboola pang'ono, n'kulowetsa kachitsulo kophwatalala kuti kateteze mtsempha, kenaka amadula chakumbali ya chala chaching'ono. Kulowera kuzala, amaima akaona mafuta achikasu, chifukwa kuseri kwake kuli mtsempha wa magazi wopindika umene umadyetsa zala. Kulowera kumkono, amanyamula khungu n'kudulanso sentimita imodzi kapena awiri a nembanemba ya mkono, akuona ndi maso chilichonse chimene lumo likudula. Mbali ziwiri za ligamenti zikatalikirana ndipo mediyani akuoneka womasuka kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, amasoka khungu lokha. Ligamenti sasokedwa.

Wodwala amauzidwa kukweza dzanja ndi kuyamba kugwedeza zala tsiku lomwelo, ndipo ulusi umachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Dzanzi la usiku limatha msanga, nthawi zina usiku woyamba womwe, koma kuwawa kwa m'mbali mwa chilonda kungatenge miyezi ingapo, ndipo mnofu umene unaphwa kale sungabwerere wonse. Wodwala akabweranso akunena kuti palibe chasintha chichitireni opaleshoni, wophunzira ayambe wakayikira zinthu ziwiri: mwina nthendayo sinali kapo tanelo, kapena mbali ina ya ligamenti inatsala yosadulidwa, chomwe ndicho chifukwa chofala kwambiri cholepheretsa opaleshoniyi.