Ngongole ikakula mutu, lembani kalata tsiku lobweza lisanadutse

Bizinesi ikalowa pansi kapena ntchito ikatha mwadzidzidzi, ambiri amasiya kuyankha foni ya kubanki. Kuteroko n'kudzikulitsira mlandu. Banki imawerenga masiku: ngongole ikatha masiku 90 osabwezedwa imaikidwa m'gulu la zokayikitsa, dzina limadetsedwa ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, ndipo maso amatembenukira ku chikole. Kalata yofika tsiku lobweza lisanadutse imapeza khomo likadali lotsegula.

Tiyerekeze mayi wa golosale amene watsala ndi ngongole ya K2,400,000 yoti amalize m'miyezi 12, chiwongoladzanja chake 36 peresenti pachaka. Mwezi uliwonse amapereka pafupifupi K241,000. Fakitale imene antchito ake ankagula pagolosalepo yatsekedwa, ndipo phindu latsika ndi theka.

Kalata yake ipite kwa manejala wa nthambi imene anatengako ngongole. Pamwamba alembe nambala ya akaunti ndi ya ngongoleyo. Kenaka anene chachitika, tsiku lake, ndalama zimene zinkalowa kale ndi zimene zikulowa tsopano, ndipo aphatikize umboni monga sitetimenti ya miyezi itatu kapena buku la malonda. Wolembedwa ntchito aikepo kalata yomuchotsa ntchito.

Mtima wa kalatayi ndi pempho lokhala ndi nambala. "Ndithandizeni, zinthu zavuta" sapatsa ofesala choti apite nacho kukomiti. Mayiyu alembe kuti: "Ndikupempha kuti nthawi yobweza italikitsidwe kufika miyezi 24, ndizipereka K142,000 pamwezi kuyambira mwezi wamawa." Ngati akuona kuti vutoli n'losakhalitsa, angapemphe miyezi itatu yopereka chiwongoladzanja chokha, chomwe ndi K72,000 pamwezi. Zoterezi si zachilendo kumabanki athu. Mu 2020, Covid-19 itavuta, Reserve Bank of Malawi inagwirizana ndi mabanki kuti apumitse angongole miyezi itatu.

Koma mpumulo uli ndi mtengo wake, ndipo apa mpamene ambiri safunsa. M'miyezi 12 mayiyu akanalipira chiwongoladzanja cha K493,000. M'miyezi 24 chidzapitirira pang'ono K1,000,000. Ine ndimaona kuti kulipira K500,000 yoonjezerayo kuli bwino kusiyana ndi kulandidwa nyumba, komabe munthu asapemphe miyezi yambiri kuposa imene akufunikira, ndipo asalonjeze ndalama imene sangakwanitse, chifukwa wolephera kachiwiri samumveranso. Afunsenso m'kalatamo ngati pali chindapusa chosinthira mgwirizano, komanso ngati angamalize msanga popanda chilango zinthu zikadzakhala bwino.

Pokapereka kalata, tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsikulo. Ofesala akanena pakamwa kuti "musadandaule, tikonza", dziwani kuti mgwirizano wakale ukugwirabe ntchito mpaka mutasaina watsopano. Podikira yankho, pitirizani kupereka ndalama imene mwalonjeza m'kalatayo ndipo musunge malisiti onse.