Khadi la ngongole: masiku awiri ofunika kuwadziwa pamwezi

Khadi limene anthu ambiri ali nalo m'thumba ku Malawi limatapa ndalama zimene zili kale mu akaunti yawo, ndipo zikatha nalonso limaima. Khadi la ngongole, lija ena amati kirediti khadi, limagwiritsa ntchito ndalama za banki. Banki imakulipirirani lero, inu n'kudzabweza mtsogolo. Abale athu ambiri amene akugwira ntchito ku Britain ndi ku Joni amakumana nalo koyamba kumeneko, ndipo nthawi zambiri amauzidwa mawu okoma akuti pali masiku okwana 56, kapena 55 ku Joni, opanda chiwongoladzanja. Mawuwa ndi oona, koma ali ndi lamulo lake limene ambiri amalidziwa atalumidwa kale. Tiyeni titenge chitsanzo cha ku Britain, kumene malamulo ake ndi olembedwa momveka bwino.

Banki imagawa chaka m'zigawo za mwezi umodziumodzi, koma mwezi wake suyambira pa 1 ayi. Umathera pa tsiku limene banki imatseka buku n'kulemba sitetimenti. Zimafanana ndi mwini golosale amene amalemba zonse zimene mwatenga pangongole, ndipo likakwana tsiku lake amajambula mzere pansi, n'kuphatikiza, n'kukuuzani kuti mubweretse ndalamazo pofika tsiku lakutilakuti. Chimene mwatenga mzerewo utajambulidwa kale chimapita patsamba lotsatira.

Tiyerekeze kuti mayi wina wogwira ntchito ya unamwino ali ndi khadi limene buku lake limatsekedwa pa 5 mwezi uliwonse, ndipo amapatsidwa masiku 25 oti alipire. Zonse zimene wagula kuyambira pa 6 Malichi mpaka pa 5 Epulo zidzaoneka pa sitetimenti imodzi, ndipo tsiku lomaliza kulipira lidzakhala pa 30 Epulo. Apa ndi pamene pamachokera masiku 56 aja: masiku 31 a chigawocho kuphatikiza masiku 25 odikira. Koma masiku onsewo amawapeza ndi katundu wogulidwa pa 6 Malichi yekha. Chimene wagula pa 4 Epulo chili ndi masiku osakwana mwezi, pamene chogulidwa pa 6 Epulo chimadikira sitetimenti ya pa 5 Meyi ndipo chidzalipiridwa pa 30 Meyi. Choncho munthu amene akufuna kugula chinthu chodula, ndipo angathe kudikira pang'ono, amapindula akagula buku litangotsekedwa kumene.

Tsopano tifike pa lamulo lija. Masiku opanda chiwongoladzanja amaperekedwa kwa munthu amene walipira ndalama zonse zolembedwa pa sitetimenti tsiku lomaliza lisanadutse. Zonse, osati zambiri mwa izo. Mayi wathu wagula tikiti ya ndege yopita kumudzi ya £900 pa 10 Malichi, ndi zakudya za £100 pa 1 Epulo. Sitetimenti yabwera ndi £1,000. Akalipira £1,000 pofika pa 30 Epulo, wagwiritsa ntchito ndalama za banki kwa masabata angapo osawonjezera kanthu.

Nanga akalipira £950, poganiza kuti £50 yotsalayo ndi yaing'ono? Munthu aliyense angayembekezere kuti chiwongoladzanja chidzawerengedwa pa £50 basi. Makadi ambiri a ku Britain sachita choncho. Amabwerera m'mbuyo n'kuwerengera ngongole yonse kuyambira tsiku limene chinthu chilichonse chinagulidwa. Tinene kuti chiwongoladzanja cha khadili ndi 24 peresenti pachaka, ndipo chimawerengedwa tsiku ndi tsiku. Tikiti ya £900 yakhala masiku 51 isanalipiridwe, zomwe zikupereka pafupifupi £30. Zakudya zija zakhala masiku 29, pafupifupi £2. Sitetimenti ya Meyi idzabwera ndi chiwongoladzanja cha pafupifupi £32 chifukwa cha kupereweza £50. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene mabanki ayenera kulankhula mokweza kwambiri pouza anthu za khadi, chifukwa munthu wolipira £950 mwa £1,000 wayesetsa ndithu, ndipo sakudziwa kuti wataya mwayi wonse. Ku Amereka lamulo la mu 2009 linaletsa kuwerengera chiwongoladzanja pa gawo limene munthu walipira m'nthawi yake, linalamulanso kuti sitetimenti izitumizidwa kutatsala masiku osachepera 21 kuti tsiku lolipira lifike. Choncho dziko limene khadi lanu linaperekedwa, ndiponso pangano limene munasaina, ndi zimene zimagamula nkhaniyi.

Vutoli silithera mwezi umenewo. Ngongole ikangotsalira, zinthu zatsopano zimene mukugula nazonso zimayamba kubala chiwongoladzanja kuyambira tsiku logula. Ndipo mukadzalimba mtima n'kulipira zonse zolembedwa pa sitetimenti yotsatira, musadabwe kuona kandalama kena mwezi winawo. Kameneko ndi ka masiku a pakati pa kutsekedwa kwa buku ndi tsiku limene ndalama zanu zinafika kubanki. Anthu ena sakaona, poganiza kuti anamaliza, ndipo amalipitsidwa chindapusa chochedwa pa ngongole ya mapaundi awiri kapena atatu. Kalipireni kameneko, ndipo muziyang'anabe sitetimenti mpaka mzere wa chiwongoladzanja utaonetsa 0. Makadi ena amafuna kuti mulipire zonse miyezi iwiri yotsatizana asanakubwezereni masiku aulere aja.

Pali zina zimene makadi ambiri sazipatsa masiku aulere ngakhale pang'ono. Kutapa ndalama pamakina ndi khadi la ngongole kumayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo, ndipo pamakhalanso ndalama yodula pamwamba, imene kawirikawiri imakhala pafupifupi 3 peresenti. Izi zimakhudza kwambiri anthu akwathu, chifukwa mabanki ambiri amatenga kutumiza ndalama kunja ndi khadi la ngongole ngati kutapa ndalama. Kumudzi kukagwa maliro kapena fizi ikafunika mwadzidzidzi, khadi limaoneka ngati njira yachangu, koma ndi bwino kudziwa mtengo wake musanadine batani.

Pa sitetimenti pamakhala nambala ina yaing'ono, imene pafoni kapena papepala imalembedwa kuti Minimum payment. Imeneyi ndi ndalama yochepetsetsa imene banki ingalandire mwezi umenewo popanda kukuyesani wophwanya pangano. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Imakutetezani ku chindapusa chochedwa, chimene ku Britain nthawi zambiri chimakhala £12, ndiponso imateteza dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, mbiri imene idzafunsidwa mukadzafuna ngongole ya nyumba kapena ya galimoto. Siimitsa chiwongoladzanja, ndipo siinakonzedwe kuti ikutulutseni m'ngongole msanga.

Pa makadi otsegulidwa ku Britain kuyambira mu Epulo 2011, lamulo limati ndalama yochepetsetsayi isachepere chiwongoladzanja ndi zindapusa za mweziwo kuphatikiza 1 peresenti ya ngongole yonse. Tione mmene zimayendera pa ngongole ya mayi wathu ya £1,000, chiwongoladzanja chili pafupifupi 2 peresenti pamwezi. Chiwongoladzanja ndi £20, ndipo 1 peresenti ndi £10, choncho banki ikupempha £30. Mwa £30 imeneyi, £10 yokha ndi imene yachepetsa ngongole. Mwezi wotsatira ngongole ili £990, ndipo banki ipempha yocheperako pang'ono. Munthu amamva kupepuka poona nambala ikutsika, koma kutsikako ndi kumene kumatalikitsa ulendo, chifukwa gawo lobweza ngongole nalonso likuchepa mwezi ndi mwezi.

Chaka chikatha, mayi uja atasiyiratu kugula ndi khadilo, adzakhala atapereka pafupifupi £340, koma ngongole idzakhala idakali pa £886. Kuti ifike theka pamafunika zaka pafupifupi 6. Ngati khadilo limalola kuti malipiro atsike mpaka £5 pamwezi, ngongole yonse ingatenge zaka zoposa 19, ndipo chiwongoladzanja chokha chingapitirire £1,700. Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha. Mayiyu asatsatire nambala yotsikayo, koma azilipira £30 yomweyo mwezi uliwonse, ndalama imene anakwanitsa kale mwezi woyamba. Ngongole idzatha m'miyezi 56, zaka zosakwana 5, ndipo chiwongoladzanja chidzakhala pafupifupi £665. Sanawonjezere kanthu pa zimene anayamba nazo, wangokana kuchepetsa.

Boma la Britain linaliona vutoli. Bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani obwereketsa la Financial Conduct Authority linakhazikitsa malamulo mu 2018 okhudza ngongole zosatha. Ngati m'miyezi 18 munthu walipira chiwongoladzanja ndi zindapusa zochuluka kuposa zimene wabweza pangongole yeniyeni, banki iyenera kumulembera ndi kumulimbikitsa kuwonjezera malipiro. Zikapitirira mpaka miyezi 36, iyenera kumupatsa njira yomalizira ngongoleyo m'nthawi yoyenera, kawirikawiri zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ingathe kuimitsa khadilo ngati sayankha. Amene sangakwanitse ayenera kuganiziridwa, mwina pomuchepetsera kapena kumuchotsera chiwongoladzanja. Kalata yotereyi si yoopseza, ndipo kuibisa m'kabati n'kudzimana ufulu. Muyeso womwewu mungaugwiritse ntchito nokha lero, kulikonse kumene muli: tengani sitetimenti yanu, yerekezani chiwongoladzanja cha mwezi uno ndi ndalama imene ngongole yatsika nayo. Choyambacho chikakhala chachikulu, ndiye kuti mwalowa kale m'njira yaitali ija.

Polipira, yang'anani bwino nambala imene mukusankha. Pafoni pamaoneka ngongole yonse ya lero, yophatikiza ndi zimene mwagula buku litatsekedwa, komanso pamaoneka ya pa sitetimenti, yolembedwa kuti Statement balance. Kuti musunge masiku aulere, yofunika kulipira ndi yachiwiriyi. Mungauze banki kuti izidzitengera yokha ndalama ku akaunti yanu mwezi uliwonse, ndipo idzakufunsani ngati izitenga zonse, ndalama yokhazikika imene mwasankha, kapena yochepetsetsa ija. Amene malipiro ake apantchito amasinthasintha angasankhe yochepetsetsa kuti asadzaphonye tsiku, kenako n'kumawonjezera yekha akalandira. Mabanki ambiri amalolanso kusuntha tsiku lolipira mukawapempha, ndipo kuliika masiku atatu kapena anayi pambuyo pa tsiku lolandira malipiro kumathandiza kuti ndalama zikhale zilipo mu akaunti pamene banki ikubwera kudzatenga.